Gemu Yasamuka, Nanga Timu Yatsala Kuti?

Munthu wagula foni yatsopano, kapena mbale wake wamutumizira kuchokera ku Joni, ndipo chimwemwe chadzaza tsaya. Asanagone amaika mafoni awiriwo pamphasa, n'kutsegula Xender, n'kutumiza nyimbo, zithunzi ndi magemu onse kuchoka mu yakale kupita mu yatsopano. Zonse zimalemba kuti zafika. Kutacha, foni yakale ija amaigulitsa kapena kupatsa mng'ono wake atafufuta zonse. Madzulo akatsegula gemu ya mpira imene wakhala akusewera chaka chathunthu, gemuyo imamulonjera ngati mlendo. Imamufunsa dzina, n'kuyamba kumuphunzitsa kaponyedwe ka mpira. Osewera amene anawasonkhanitsa movutikira kulibe, makoini kulibe, zikho kulibe.

Xender sanalakwe kanthu apa. Anatumiza chimene anauzidwa kutumiza. Vuto n'lakuti gemu ya pafoni ili ndi mbali ziwiri zimene sizikhala malo amodzi. Mbali yoyamba ndi gemu yeniyeniyo: pulogalamu, zithunzi zake, mawu ake, mabwalo ndi magalimoto ake. Imeneyi ndi yolemera, nthawi zina imapitirira 2 GB, koma ndi yofanana kwa aliyense padziko lonse, ndipo ikatayika mukhoza kuitenganso. Mbali yachiwiri ndi kalembera wa pamene mwafika: levo yanu, timu yanu, ndalama zanu za m'gemu. Imeneyi ndi yaing'ono kwambiri, kawirikawiri yochepa kuposa nyimbo imodzi, koma ndi yanu nokha ndipo palibe mnzanu amene angakugawireni. Zili ngati bawo: thabwa mukhoza kulinyamula kuchoka pansi pa mtengo kupita pakhonde, kapena kubwereka lina lofanana nalo, koma njere zikangokhuthuka m'maenje, masewero amene munali pakati aja atha.

Choncho funso loyamba si lakuti gemu ndiisamutsa bwanji. Funso n'lakuti kalembera wa gemu imeneyi amasungidwa kuti. Mayankho ake alipo atatu, ndipo gemu iliyonse ili ndi lake.

Malo atatu

Magemu amene sasewereka popanda intaneti, monga eFootball, Free Fire, PUBG Mobile ndi Clash of Clans, amasunga zonse pamakompyuta a kampani imene inawapanga. M'foni mwanu mulibe timu yanu. Muli kachizindikiro kokha kouza kampaniyo kuti amene walowayu ndi uje. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika, chifukwa amamva kuti zinthu zili pa intaneti n'kuganiza kuti ndiye kuti sizingatayike. Ngati tsiku loyamba munadina `Guest` pofuna kuyamba msanga, kampani sikudziwani ndi imelo kapena dzina lililonse. Imakudziwani ndi kachizindikiro kaja basi, ndipo kachizindikiroko kamafa tsiku limene gemu yachotsedwa kapena foni yafulashidwa. Timu yanu idzakhalapobe kumeneko, koma njira yoifikira mulibe.

Malo achiwiri ndi mafoda amene mungathe kuwaona ndi maso n'kuwakopera, monga mmene mumakoperera nyimbo. Magemu a PPSSPP, amene achinyamata ambiri amaseweramo mpira wa PES popanda bandulo, ali m'gulu limeneli. GTA San Andreas ndi Minecraft nawonso akhoza kulowamo, ngakhale kuti foda yawo ndi yovutirapo kuifikira.

Malo achitatu ndi chipinda chokhoma cha mkati mwa foni. Android amapatsa pulogalamu iliyonse kachipinda kake, kotchedwa `/data/data`, kamene pulogalamu ina iliyonse singalowemo. Xender sangalowemo, kompyuta ya pachingwe singalowemo, inunso mwini foni simungalowemo. Anachita dala, chifukwa m'zipinda zomwezo ndi mmene mapulogalamu a banki ndi a ndalama za pafoni amasunga zinsinsi zawo. Timagemu tambiri tosafuna intaneti timasunga kalembera wawo mmenemo. Kuti atuluke, pamafunika kuti gemuyo yokha ivomere kumutumiza ku akaunti yanu, kudzera pa Google Play Games, Facebook kapena akaunti ya kampaniyo. Palinso njira ya `Backup` ya Google, imene imasunga zinthu za pulogalamu iliyonse mpaka 25 MB, koma wopanga gemu ali ndi ufulu wokana kuti gemu yake isasungidwe motero, ndipo ambiri amakana poopa anthu obera makoini. Musaidalire yokha.

Kudziwa gulu la gemu yanu n'kosavuta. Zimitsani data ndi Wi-Fi, n'kuitsegula. Ikakana, ndi ya gulu loyamba, ndipo ntchito yanu ndi yomangirira akaunti. Ikatseguka, lowani mu `Settings` ya gemuyo, mufufuze mawu ngati `Account`, `Link`, `Connect`, `Cloud save` kapena `Sign in`. Akapezeka, njira yotulukira ilipo. Akapanda kupezeka, fufuzani foda yake. Ngati zonse ziwiri palibe, dziwiranitu kuti gemu imeneyo mwina mudzayambiranso, ndipo ganizirani bwino musanataye foni yakale.

Zimene memore khadi ingachite ndi zimene singachite

Anthu ambiri amafika pankhani ya memore khadi chifukwa foni yalemba kuti malo adzaza. Foni ya 32 GB imakhala itadyedwa kale gawo lalikulu ndi Android mwiniwake, WhatsApp n'kutenga lake, ndiye magemu awiri akuluakulu akalowa, basi. Munthu amagula khadi poganiza kuti athiramo magemu onse, ndipo akadzagula foni ina adzangozula khadilo n'kulilowetsa kwinako. Ganizo loyambalo limatheka pang'ono. Lachiwirilo silitheka n'komwe.

Mukalowetsa khadi latsopano, mafoni ena amakufunsani kuti likhale lotani: `Portable storage` kapena `Internal storage`. Mawu ake amasiyanako malinga ndi foni, koma tanthauzo ndi lomwelo. Loyambalo ndi khadi wamba losungira nyimbo, zithunzi ndi mafilimu, limene mungalichotse n'kuliika m'foni ina, m'wailesi kapena m'kompyuta. Lachiwirilo linabwera ndi Android 6.0 m'chaka cha 2015. Mukalisankha, foni imafufuta zonse za pakhadipo, n'kulikhoma ndi kiyi wachinsinsi, n'kuliyesa mbali ya thupi lake. Magemu amene amalola akhoza kukhala pamenepo ndithu. Koma kiyi uja amasungidwa mkati mwa foniyo. Mukaika khadilo m'foni ina, idzakuuzani kuti silikuwerengeka ndipo lifunika kufomata. Mukafulasha foni yakaleyo, kiyi amapita, ndipo ngakhale foni yomweyo silidzalizindikiranso. Foni ikagwera m'madzi, khadi limatuluka lili bwinobwino koma za mkati mwake palibe angaziwerenge. Njira imeneyi imawonjezera malo. Siiteteza kanthu, ndipo siisamutsa kanthu.

Mafoni a Samsung sapereka njira imeneyi. M'malo mwake, pa amene ali ndi polowetsa khadi, mumalowa mu `Settings`, kenako `Apps`, n'kusankha gemu, n'kudina `Storage`. Ngati wopanga gemuyo analola, mudzaona batani la `Change`. Ngati batanilo palibe, foni yanu sinawonongeke, gemuyo ndiyo yakana. Ngakhale ikalola, chimene chimasamuka ndi gawo chabe, ndipo gemu ikalandira zatsopano kuchokera ku Play Store kawirikawiri imabwerera yokha mkati mwa foni, n'kufunika kuisamutsanso. Khadi limenelo mukaliika m'foni ina, nyimbo zanu zidzaoneka, koma gemu ija sidzaoneka.

Pali kabatani kena kobisika mu `Developer options`, kotchedwa `Force allow apps on external`, kamene anyamata okonza mafoni amakonda kukatsegula. Kamakakamiza gemu imene inakana kuti ivomere. Nthawi zina zimayenda. Koma wopanga gemu akakana amakhala ndi chifukwa, ndipo gemu yokakamizidwa ikayamba kudzitseka yokha pakati pa mpikisano, musadabwe.

Kunena mosabisa, kwa anthu ambiri nzeru yabwino ndi yotembenuza nkhaniyi. Khadi likhale wamba, musamutsireko zithunzi, mafilimu ndi nyimbo, muuze kamera kuti izisunga pakhadi, ndipo malo amene atsala mkati muwasiyire magemu. Mkati mwa foni ndi mothamanga kuposa khadi lililonse lotsika mtengo, ndipo gemu ndi imene imafuna liwirolo. Filimu siisamala.

Khadi lenilenilo

Ngati mwatsimikiza kuika magemu pakhadi, yang'anani zolembedwa pamwamba pake. Nambala 10 yozunguliridwa ndi chilembo C imangonena kuti khadilo limalemba 10 MB pa sekondi likamalandira fayilo imodzi yaitali, monga filimu. Gemu siigwira ntchito motero. Imatola tizidutswa ting'onoting'ono apa ndi apo kambirimbiri pa sekondi imodzi. Chizindikiro cha ntchito yotereyi ndi `A1` kapena `A2`. Khadi la `A1` limalonjeza kuwerenga tizidutswa 1,500 ndi kulemba 500 pa sekondi. Khadi lopanda chizindikirochi likhoza kusewera filimu bwinobwino koma gemu n'kumatenga nthawi yaitali kuti itseguke, bwalo n'kumaoneka lisanamalizike, osewera n'kumayenda modukizadukiza.

Choopsa kwambiri ndi khadi lachinyengo. Pamwamba lalembedwa 128 GB, foninso ikuonetsa 128 GB, koma mkati muli malo a 8 GB okha. Opanga ake amasintha kaubongo ka khadilo kuti kaziname. Masiku oyamba zonse zimayenda bwino. Malo enieniwo akadzaza, khadi limapitiriza kuvomera mafayilo, koma silikuwasunga, kapena likulemba pamwamba pa akale. Mayina a mafayilo amaonekabe, ndiye munthu sazindikira kanthu mpaka tsiku limene adzatsegule. Mtengo wotsika mopitirira muyeso ndiwo chenjezo loyamba. Poyesa, pakompyuta pali kapulogalamu kaulere kotchedwa H2testw kamene kamadzaza khadi lonse n'kuwerenganso kuti kaone ngati zonse zabwerera. Ngati mulibe kompyuta, dzazani khadilo ndi mafilimu mpaka kukamwa, kenako tsegulani oyamba, apakati ndi omaliza. Chitani zimenezi khadi likadali latsopano, musanalisungitse kanthu kamtengo wapatali.

Kanthu kena kamene kamasokoneza anthu: makhadi a 32 GB kutsika pansi amabwera atakonzedwa m'njira yotchedwa FAT32, imene siilandira fayilo imodzi yoposa 4 GB. Ngati khadi lili ndi malo ambiri koma fayilo yaikulu ikukana kulowa, chifukwa chake n'chimenecho. Makhadi a 64 GB kupita m'mwamba amabwera ndi exFAT, imene ilibe malire amenewa.

Khadi nalonso limakalamba. Likayandikira kufa, nthawi zambiri limasiya kulandira zatsopano. Mumafufuta chithunzi, mukazimitsa foni n'kuyatsanso chabwerera. Gemu imene ili pakhadi lotere imaoneka ngati ikusunga, koma mawa mumapezeka muli pamene munali dzana. Mukaona zimenezi, koperani zonse tsiku lomwelo.

Kusamuka kwenikweni

Tiyerekeze mnyamata amene ali ndi Tecno yakale ndipo wapeza Samsung. M'foni yakale muli magemu atatu amene amawakonda: eFootball, mpira wa pa PPSSPP, ndi GTA San Andreas imene anagula pa Play Store. Magemu atatuwa afuna njira zitatu zosiyana, ndipo ntchito yonse iyenera kuyambira pafoni yakale, yatsopanoyo isanakhudzidwe.

Choyamba si gemu ayi, ndi akaunti ya Google. Mafoni ambiri kwathu kuno amatsegulidwa ndi wogulitsa kapena wachibale, amene amapanga imelo mwachangu kuti Play Store igwire ntchito, pasiwedi n'kupita nayo. Mwini foni amakhala zaka osaifuna, chifukwa foni inalowa kale. Tsiku losamuka ndi pamene amazindikira kuti sakuidziwa. Foni yakale ikadali m'manja, vutoli ndi lopepuka: alowe mu `Settings`, kenako `Google`, aone imelo imene ilipo, aonetsetse kuti nambala ya foni yobwezeretsera akaunti ndi yake ndipo SIM yake ikugwira ntchito, ndipo ngati pasiwedi yaiwalika aisinthe pomwepo. Google amakhulupirira foni imene akuidziwa kale. Polowa m'foni yatsopano, nthawi zambiri amatumiza uthenga ku yakaleyo wofunsa ngati ndi inudi. Foniyo ikakhala kuti yagulitsidwa, uthengawo umapita kwa munthu wina kapena kumalo kopanda munthu.

Kenako eFootball. Atsegule gemuyo pa Tecno, apeze pamene pali zokhudza `Data Transfer`, n'kumangirira timu yake ku `KONAMI ID` kapena ku Google Play Games. Magemu ena ali ndi mayina awo: Clash of Clans ili ndi `Supercell ID`, Candy Crush ili ndi akaunti ya King kapena Facebook, Free Fire imalola Google, Facebook ndi zina. Pamene pali mwayi wosankha, akaunti ya kampani yopanga gemuyo ndiyo yolimba, chifukwa imagwira ntchito ngakhale mutachoka pa Android kupita pa iPhone, pomwe kalembera wosungidwa ndi Google Play Games kawirikawiri amathera pa Android pomwepo. Facebook ndi yosavuta, koma ikabedwa kapena kutsekedwa, gemu imapita nayo limodzi.

Asanatseke, ajambule sikirini imene ikuonetsa nambala yake ya wosewera, dzina la timu ndi makoini amene ali nawo, ndipo chithunzicho adzitumizire pa imelo. Ngati anagulapo kanthu m'gemumo, malisiti a Google Play amakhala mu imelo yake, ndipo nambala zake zimayamba ndi `GPA`. Zinthu zikadzasokonekera, izi ndi zimene kampani idzafunse pofuna umboni wakuti akauntiyo ndi yake.

Tsopano pa Samsung. Alowe ndi akaunti ya Google yomwe ija, atenge eFootball pa Play Store. Apa ndi pamene pali dzenje lalikulu kuposa onse. Gemu ikatseguka koyamba, chala chimathamangira kudina poyambira masewero. Asatero. Afufuze kaye `Data Transfer` kapena polowera ndi akaunti pa sikirini yoyambirira. Munthu akayamba gemu yatsopano kenako n'kuimangirira ku akaunti yake, magemu ambiri amaonetsa zosankha ziwiri: kalembera wa m'foni ino, kapena wa pa akaunti. Wina ali pa levo 1, wina ali pamene munafika. Mawu ake amakhala a Chingerezi chosamveka bwino, ndipo pa magemu ena kusankha molakwika kumalemba kalembera wopanda kanthu pamwamba pa wakale. Werengani manambala amene akuonetsedwa, levo, tsiku ndi makoini, musanadine chilichonse. Mukakayika, tsekani gemu osasankha. Palibe chimene chimawonongeka ndi kudikira.

Mafayilo ogwirika ndi manja

PPSSPP ndiye yosavuta kuposa onse, bola munthu adziwe foda yoyenera. Pulogalamuyi imayerekezera kamakina ka Sony kotchedwa PSP, ndipo imasunga zonse mu foda ya dzina lomwelo:

```
PSP/SAVEDATA
PSP/PPSSPP_STATE
PSP/TEXTURES
```

Yoyambayo ndi imene muli kalembera weniweni: ligi yanu, osewera amene munagula. Yachiwiri imasunga malo amene munaimitsira gemu pakati ndi `Save State`. Yachitatu ndi ya mayunifolomu, nkhope ndi mabwalo owonjezera amene amabwera ndi magemu a mpira okonzedwanso. Mnyamata uja akopere foda yonse ya `PSP` pamodzi ndi fayilo ya gemu ya `.iso` kapena `.cso`. Apa ndi pamene memore khadi wamba limagwira ntchito yake yeniyeni, chifukwa awa ndi mafayilo wamba: akhoza kuwaika pakhadi, kulizula, n'kulilowetsa mu Samsung. Koma asanakopere, alowe m'gemu asunge kuchokera mkati mwake, osadalira `Save State` yokha, chifukwa imeneyi nthawi zina imakana kutseguka pa PPSSPP ya mtundu watsopano, pomwe `SAVEDATA` imatseguka paliponse.

Pa mafoni a Android 11 kupita m'tsogolo, PPSSPP ikatseguka koyamba imafunsa foda yosungiramo zinthu. Aisonyeze foda ya `PSP` imene wabwera nayo. Akadumpha funsoli, pulogalamuyo imadzipangira malo mkati mwa `Android/data`, ndipo amenewo amafufutika tsiku limene PPSSPP yachotsedwa. Akatsegula gemu n'kupeza osewera ali ndi mayina akale ndi mayunifolomu achilendo, mafayilo sanatayike, koma pulogalamu ikuyang'ana foda ina. Kawirikawiri chimachitika n'chakuti pokopera, foda ya `PSP` yalowa m'kati mwa foda inanso ya `PSP`.

GTA San Andreas ndi yovutirapo. Thupi lake lolemera ndi kalembera wake zimakhala m'malo awiri:

```
Android/obb/com.rockstargames.gtasa
Android/data/com.rockstargames.gtasa/files
```

M'foda yachiwiriyo muli timafayilo ta mayina ngati `GTASAsf1.b`, kamodzi pa malo alionse amene munasungapo. Timeneti ndi timene tikufunika. Kale munthu ankangolowa ndi pulogalamu yoonera mafayilo n'kukopera. Kuyambira Android 11, amene anatuluka mu 2020, mafoda a `Android/data` ndi `Android/obb` anatchingidwa, ndipo mitundu yotsatira inakhwimitsa kwambiri. Mukalowamo pafoni mumapeza mopanda kanthu, kapena uthenga wokukanizani. Mafayilo alimo, kungoti abisidwa. Pa mafoni ambiri, njira imene imagwirabe ntchito ndi kompyuta: kulumikiza ndi chingwe cha USB, kusankha `File transfer` pafoni, n'kulowa m'mafodawo kuchokera pakompyuta. Zingwe zina ndi zotchajira basi, ndiye kompyuta ikapanda kuona foni, yesani chingwe china musanaganize zoti foni yawonongeka.

Ndondomeko yake ndi yofunika. Atenge kaye gemuyo pa Play Store m'foni yatsopano. Popeza akaunti ndi yomweyo, salipiranso. Aitsegule kamodzi kuti idzipangire mafoda ake, aitseke kotheratu, kenako athiremo timafayilo tija. Akathira gemu isanalowe, kapena ili chitsegukire, ntchito ikhoza kupita pachabe. Ndipo pafoni yakale azikopera, osati kusamutsa kodula, kuti choyambirira chitsale pamalo pake mpaka zonse zitatsimikizika.

Minecraft ili ndi kamsampha kake. Mu `Settings` yake muli `File Storage Location`, yokhala ndi `Application` ndi `External`. Maiko amene munamanga pamene inali pa `Application` ali m'chipinda chokhoma chija, ndipo kusintha batanilo lero sikuwasamutsa. Mawu akuti `External` sakunenanso memore khadi, akunena foda ya gemuyo mu `Android/data`.

Chifukwa chake gemu yotumizidwa imakana

Bandulo ndi yodula, ndiye n'zomveka kuti munthu safuna kutsitsanso gemu ya ma GB angapo. Kale zinkatheka: fayilo imodzi ya APK, foda ya `obb`, basi. Kuyambira Ogasiti 2021, Google analamula kuti mapulogalamu atsopano a pa Play Store azibwera m'njira yogawikana, moti foni iliyonse imalandira zidutswa zogwirizana ndi purosesa yake, sikirini yake ndi chinenero chake. Mukatumiza chidutswa chimodzi chokha, kapena zidutswa za foni ya mtundu wina, mumalandira uthenga wa `App not installed`, kapena gemu imatseguka n'kudzitseka nthawi yomweyo. Ngakhale Smart Switch ya Samsung, imene imasamutsa zambiri mwaukhondo, siilonjeza kunyamula kalembera wa gemu iliyonse, makamaka kuchokera ku foni ya kampani ina. Pa magemu akuluakulu a pa intaneti, bandulo ya usiku kapena Wi-Fi ya kuntchito ndiyo njira yosapweteketsa mutu.

Uthenga womwewo wa `App not installed` umabweranso mukafuna kuika gemu ya pa Play Store pamwamba pa gemu yosinthidwa, ija ya makoini osatha imene anzanu anakupatsani. Ziwirizi zili ndi siginecha yosiyana, ndipo Android salola kuti ina ikhale pamwamba pa inzake. Munthu amachotsa yakaleyo kuti yatsopano ilowe, osadziwa kuti gemu ikachotsedwa imapita ndi chipinda chake chokhoma, foda yake ya mu `Android/data` ndi ya mu `Android/obb`, zonse pakamodzi. Magemu osinthidwawa nthawi zambiri amakananso kulowa mu Google Play Games, ndiye kalembera wawo alibe kothawira. Zofanana ndi zimenezi zimachitika ndi mabatani awiri oyandikana mu `Storage`. `Clear cache` amachotsa zinyalala ndipo saopsa. `Clear data` kapena `Clear storage` amabweza gemu ku tsiku limene inalowa m'foni. Anthu ambiri ataya akaunti za `Guest` pofuna kungopeza malo oikapo zithunzi.

Amene akuchoka pa Android kupita pa iPhone adziwe zinthu ziwiri. Gemu yogula pa Play Store iyenera kugulidwanso pa App Store, ndipo pa magemu ena ndalama za m'gemu zimene munagula ndi ndalama zenizeni siziwoloka, ngakhale timu itawoloka. Ndi bwino kuzigwiritsa ntchito musanasamuke. iPhone ilibenso polowetsa memore khadi, monganso mafoni apamwamba a Samsung kuyambira pa Galaxy S21.

Foni yakale ikhale kaye m'nyumba masiku angapo, ngakhale wogula akukakamiza. Gemu iliyonse itsegulidwe pa yatsopano, manambala ayerekezedwe ndi chithunzi chija, museweretu pang'ono, muzimitse foni n'kuyatsanso, muone ngati zimene mwasewerazo zasungika. Pa masiku amenewa musasewere gemu yomweyo pa foni yakale, chifukwa mafoni awiri akamatumiza kalembera wosiyana ku akaunti imodzi, funso lija la kusankha pakati pa awiri limabweranso. Zonse zikatsimikizika, zulani khadi ndi SIM, chotsani akaunti ya Google mu `Settings`, kenako ndiye mufufute foniyo ndi `Factory reset`. Foni ikafulashidwa akaunti isanachotsedwe, ikhoza kukhomeka n'kumafuna imelo ndi pasiwedi yanu, ndipo wogula uja adzabwera kudzakupemphani pasiwedi ya akaunti yomweyo imene magemu anu onse amangiriridwako.